Chomwe chimasunga kuwala mkati mwa waya wa faiba

Mukasenda waya wa faiba, uja amakampani a mafoni ndi intaneti amakwirira m'mbali mwa misewu, simupezamo mkuwa ngakhale pang'ono. Pansi pa zikopa zonse za pulasitiki pali ulusi wa galasi wowonda ngati tsitsi, ndipo uthenga umayenda mu ulusiwu ngati kuwala kothwanimathwanima. Funso loyenera kufunsa ndi ili: galasi ndi chinthu chomwe kuwala kumalowa ndi kutuluka mosavuta, n'chifukwa chake timaliika pa mawindo. Nanga kuwala kolowa mu ulusi wa galasi kumalephera bwanji kutulukira m'mbali, mpaka kuyenda makilomita ambirimbiri, kukhota m'makona, n'kukafika tsidya lina?

Ambiri amaganiza kuti ulusiwu ndi kapaipi kobowoka kopakidwa siliva mkati ngati kalilole. Si choncho. Ulusiwu ndi galasi lokhalokha lopanda bowo, ndipo mulibe kalilole. Chomwe chimatsekera kuwala ndi malire a mitundu iwiri ya galasi, yosiyana pang'ono kwambiri moti maso sangaisiyanitse. Kuti timvetse mmene malire osaoneka angatsekere kuwala, tiyambire pamadzi.

Mukaviika ndodo m'ndowa ya madzi moipendeketsa, imaoneka ngati yathyoka pamene yakhudza madzi. Izi zimachitika chifukwa liwiro la kuwala si limodzi paliponse. Mumlengalenga mopanda kanthu kuwala kumathamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo mumpweya kumachepa pang'ono chabe. M'madzi liwiro limatsika kufika pa makilomita pafupifupi 225,000, m'galasi wamba 200,000. Asayansi amagawa liwiro la mumlengalenga ndi liwiro la m'chinthu chilichonse, ndipo nambala yomwe imatuluka amaitcha indekisi ya chinthucho. Mpweya uli ndi indekisi 1.00, madzi 1.33, galasi wamba pafupifupi 1.5. Indekisi ikakwera ndiye kuti kuwala kukuyenda pang'onopang'ono mmenemo.

Kusintha kwa liwiroku n'kumene kumakhotetsa kuwala. Ngolo ikamachoka pamsewu wouma n'kulowa mumchenga chopingasa, tayala lomwe layamba kukhudza mchenga limachedwa pomwe linzake likadathamanga, ndipo ngoloyo imakhotera mbali ya tayala lochedwalo. Kuwala nakonso kumakhota chimodzimodzi kukamawoloka malire a zinthu ziwiri mopendekeka. Kukafika molunjika pamalirewo sikukhota.

Apa pali mfundo imodzi yomwe ophunzira ambiri amapunthwa nayo, ndipo ndi bwino kuigwira msanga. Ngodya ya cheza cha kuwala sitiiyeza kuchokera pamwamba pa madzi, koma kuchokera pa mzere woganizira womwe waima chilili pamalirewo. Cheza chotsata mzere woimawu chili pa madigiri 0. Cheza chongokwekwesa malire, chogona pafupifupi ngati malirewo, chili pafupi ndi madigiri 90. Choncho ngodya yaikulu ikutanthauza cheza chogona, osati choima.

Lamulo la kukhota kwa kuwala limadziwika ndi dzina la Willebrord Snell wa ku Netherlands, yemwe analipeza mu 1621, ngakhale kuti Ibn Sahl wa ku Baghdad anali atalilemba kale cha m'ma 984. Limalembedwa motere:

n1 × sin θ1 = n2 × sin θ2

Apa n1 ndi n2 ndi maindekisi a zinthu ziwirizo, θ1 ndi ngodya yomwe cheza chafikira pamalire, θ2 ndi ngodya yomwe chatulukira mbali inayo. Pomwe palembedwa sin ndi batani lomwe lili pa kakyuleta aliyense wa kusekondale, ndipo chofunika kudziwa za ilo n'chakuti yankho lake limayambira pa 0 n'kulekeza pa 1. Silingapose 1. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Tiyerekeze kuti mwayatsa tochi pansi pa madzi n'kuilozetsa kumwamba. Kuwala kukuchoka mmene kumayenda pang'onopang'ono kupita mmene kumathamanga, ndiye potuluka kumagona kuposa mmene kunafikira. Cheza chofika pamwamba pa madzi pa madigiri 30 chimatulukira pa madigiri pafupifupi 42. Mukapendeketsa tochi kufika pa madigiri 45, chimatulukira pa madigiri 70. Onani mmene ngodya yakunja ikuthamangira kuposa yamkati. Pa madigiri pafupifupi 49, cheza chotuluka chimagona kotheratu pa madigiri 90, chikungokwekwesa pamwamba pa madzi. Mukapendeketsanso pang'ono, palibenso njira yotulukira, ndipo kuwala konse kumabwerera m'madzi ngati kwagunda kalilole. Kumeneku ndiye kubwerera konse kwa kuwala mkati, ndipo ngodya yomwe kumayambira ndi ngodya ya malire. Timaipeza poika madigiri 90 m'lamulo la Snell, ndipo zimatsala izi:

sin θc = n2 ÷ n1

Madzi ndi mpweya zimapereka 1.00 ÷ 1.33, omwe ndi madigiri pafupifupi 49 aja. Galasi wamba ndi mpweya zimapereka madigiri pafupifupi 42. Dayamondi, yemwe indekisi yake ndi 2.42, ali ndi ngodya ya malire ya madigiri 24 okha, moti kuwala kolowamo kumazungulirazungulira kusanapeze potulukira, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe amanyezimira akasemedwa bwino.

Zinthu ziwiri ziyenera kukwanira pamodzi. Kuwala kukhale kukuchokera ku indekisi yaikulu kupita ku yaing'ono, ndipo ngodya yake ipose ngodya ya malire. Kuwala kochokera mumpweya kulowa m'madzi sikungabwerere konse ngakhale mutakupendeketsa chotani, pakuti 1.33 ÷ 1.00 ndi nambala yoposa 1 ndipo palibe ngodya yoyenderana nayo.

Zimenezi mungadzionere nokha kunyumba. Thirani madzi m'tambula yagalasi, muikemo supuni, ndipo muinyamule kuposa pamene pali maso anu kuti muone pamwamba pa madzi kuchokera pansi chammbali. Pamwambapo padzaoneka ngati siliva, ndipo mudzaona chithunzi cha supuni chozondoka. Osambira pansi pa madzi oyera a m'nyanja ya Malawi tsiku la bata amaona zomwezi: kumwamba kwawo kumakhala bwalo lowala momwe thambo lonse lapanikizika, ndipo kunja kwa bwalolo amangoona chithunzi cha zapansi pa nyanja.

Mu 1842 Daniel Colladon wa ku Geneva anafalitsa zomwe anapeza ndi madzi otumphuka pa kabowo ka thanki. Atawalitsa nyali kumbuyo kwa kabowoko, kuwala kunatsata madziwo pokhota kugwera pansi, chifukwa nthawi iliyonse kukafika m'mphepete mwa madzi kunkafika pa ngodya yoposa ya malire. John Tyndall anadzaonetsanso zomwezi kwa anthu ku London. Waya wa faiba ndi mdzukulu wa madzi otumphukawo.

Tsopano tiwerengere ulusi umodzi bwinobwino. Ulusi wa faiba uli ndi zigawo ziwiri za galasi. Pakati pali mtima, momwe kuwala kumayenda, ndipo mtimawo wazunguliridwa ndi chikuto. Zonse ziwiri zimapangidwa ndi silika, chinthu chomwe chili mumchenga, koma woyeretsedwa kopambana. Kawirikawiri mu mtima amathiramo jemeniyamu pang'ono kuti indekisi yake ikwere. Kukula kwake kumayezedwa m'mamaikuloni, ndipo mamaikuloni 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Chikuto chimakhala mamaikuloni 125 kuchokera mbali ina kufika ina, ndipo ndi pulasitiki woyamba woteteza zonse zimafika mamaikuloni pafupifupi 250. Pa chitsanzo chathu titenge mtima wa mamaikuloni 50 wa indekisi 1.48, ndi chikuto cha indekisi 1.46.

Kusiyana kwake ndi 0.02 basi. Tikagawa 1.46 ndi 1.48 tikupeza 0.9865, ndipo kakyuleta akutiuza kuti ngodya ya malire ndi madigiri 80.6.

Tiyese ndi cheza chofika pa malire a mtima ndi chikuto pa madigiri 75. Pa kakyuleta, sin 75 ndi 0.9659. Tichulukitse ndi 1.48 n'kugawa ndi 1.46, tipeza 0.9792. Nambalayi ndi yochepera 1, ndiye ngodya yotulukira ilipo, madigiri 78.3. Cheza chimenechi chawolokera m'chikuto ndipo chatayika. Tiyesenso cheza cha madigiri 85. Apa sin 85 ndi 0.9962, ndipo kuwerengera komweko kukupereka 1.0098. Mukafunsa kakyuleta ngodya ya nambala imeneyi, amakana n'kulemba kuti palakwika. Sanalakwe ayi. Akunena zoona kuti ngodya yotulukira kulibe, choncho kuwalako kukubwerera mu mtima, kukagunda mbali inayo pa madigiri 85 omwewo, n'kubwereranso, mpaka kumapeto kwa ulusi.

Madigiri 80.6 kuchokera pa mzere woima ndi chimodzimodzi madigiri 9.4 kuchokera pa mzere wotsata utali wa ulusi. Mwa manambala onse a m'nkhani ino, iyi ndi yomwe ndingakonde kuti owerenga aisunge. Kuwala kotsekeredwa ndi kokhako komwe kukuyenda pafupifupi motsata ulusi, kosapatuka kuposa madigiri 9.4. Mpata wake ndi wochepa chonchi, ndipo malamulo ambiri omwe amisiri amatsata pogwira faiba amachokera pa kuchepa kwa mpatawu.

Lamulo loyamba limakhudza polowera. Kuwala kochokera mumpweya kumakhota polowa kumutu kwa ulusi, ndipo lamulo la Snell likutiuza kuti madigiri 9.4 a mkati akufanana ndi madigiri 14 a kunja. Kuwala kofika kumutuko kopatuka kuposa madigiri 14 kumalowa ndithu, koma kukangogunda malire koyamba kumathawira m'chikuto. N'chifukwa chake sungangowalitsa babu pafupi ndi ulusi n'kuyembekezera kuti uthenga uyenda. Pamafunika kababu ka leza kapena kadayodi kakang'ono kolunjikitsidwa bwino, ndipo polumikiza maulusi awiri mitu yake imadulidwa mosalala ndi mowongoka isanawotcheredwe pamodzi ndi makina.

Mwina wina angafunse kuti bwanji osangopaka siliva kunja kwa ulusi, kusiyana ndi kuvutika ndi magalasi awiri. Masamu amayankha mosabisa. Cheza choyenda pa ngodya ya malire mu mtima wathu wa mamaikuloni 50 chimagunda khoma pa mamilimita 0.3 alionse. Kumeneko ndi kugunda maulendo oposa 3,000 pa mita imodzi, ndi oposa 3 miliyoni pa kilomita. Kalilole wabwino kwambiri wachitsulo tinene kuti amabweza magawo 99 pa 100 alionse a kuwala, n'kumeza gawo limodzi. Zikumveka zochepa, koma pakatha kugunda 69 theka la kuwala latha, ndipo apo cheza changoyenda masentimita awiri. Pofika masentimita 14 patsala gawo limodzi pa 100. Kubwerera konse kwa kuwala mkati sikudula msonkho wotere. Malire akakhala oyera ndi osalala, kuwala kumabwerera konse, ndipo mawu oti konse apa akutanthauzadi konse.

Nanga chikuto n'chantchito yanji, poti galasi lopanda chikuto lozunguliridwa ndi mpweya lili ndi ngodya ya malire yotsika kwambiri ndipo lingasunge kuwala kochuluka? Chifukwa chake n'chakuti pobwerera, kuwala sikumalekeza ndendende pamalire. Kachigawo kake kamasuzumira tsidya linalo mtunda wa ngati maikuloni imodzi kasanabwerere. Ngati pamenepo pali fumbi, mafuta a chala, dontho la madzi, kapena ulusi wina wokhudzana nawo, kuwala kumapeza pothawira. Ofufuza oyambirira anavutika nazo kwambiri. Mu 1956 Lawrence Curtiss, wophunzira pa yunivesite ya Michigan ku America, anapanga ulusi wa galasi wokutidwa ndi galasi linzake la indekisi yotsika, ndipo dokotala Basil Hirschowitz, wobadwira ku South Africa, anagwiritsa ntchito maulusi oterewa popanga chipangizo chopindika choonera m'mimba mwa wodwala. Chikuto chimabisa malire mkati mwa galasi momwe dothi ndi zala sizingafike.

Kusunga kuwala kuti kusatulukire m'mbali ndi theka chabe la ntchito, chifukwa galasi lenilenilo limameza kuwala. Galasi labwino la m'zaka za m'ma 1960 linkameza theka la kuwala pa mamita atatu okha. Mu 1966 Charles Kao ndi George Hockham, akugwira ntchito ku Harlow ku England, anaonetsa kuti vuto linali zonyansa za m'galasi monga tizidutswa ta chitsulo, osati galasilo palokha, ndipo anati likayeretsedwa mpaka gawo limodzi pa 100 la kuwala lizitsala pakatha kilomita, lingathe kunyamula mauthenga. Mu 1970 Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz a ku kampani ya Corning anafika pa muyezo umenewo, ndipo Kao analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Ulusi wa lero umataya theka la kuwala pakatha makilomita pafupifupi 15. N'chifukwa chake mauthenga ochokera ku Malawi, dziko lopanda doko la panyanja yamchere, amatha kuyenda pamtunda kukalumikizana ndi mawaya a pansi pa nyanja yamchere monga SEACOM ndi EASSy, omwe amatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo.

Ulusi wa chitsanzo chathu uli ndi chilema chimodzi chomwe chimachokera ku kugundagunda komweku. Kuthwanima kumodzi kwa leza kumalowa ngati cheza chambiri nthawi imodzi. China chimayenda molunjika pakati penipeni, china chimapita chokhotakhota pa ngodya ya malire. Pa kilomita imodzi ya ulusi, chokhotakhotacho chimayenda mamita 13.7 owonjezera, ndipo chimafika mochedwa ndi mananosekondi pafupifupi 68. Nanosekondi ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka 1 biliyoni, ndiye kuchedwaku kungaoneke kosadetsa nkhawa. Koma kuthwanima kulikonse kukamafika kotambasuka chonchi, simungatumize kuthwanima koposa pafupifupi 15 miliyoni pa sekondi kusanayambe kulowana, ndipo makina olandira amalephera kusiyanitsa pomwe kwina kwathera ndi pomwe kwina kwayambira. Pa makilomita 10 malirewo amatsika kufika pa 1.5 miliyoni. Intaneti ya masiku ano imafuna mabiliyoni.

Akatswiri anapeza njira ziwiri. Ya m'manyumba akuluakulu ndi m'maofesi ndi ulusi womwe indekisi yake ndi yokwera pakati n'kumatsika pang'onopang'ono kupita m'mbali, moti cheza choyenda njira yaitali chimadutsa m'galasi momwe kuwala kumathamanga, ndipo chonse chimafika pafupifupi limodzi. Ya maulendo ataliatali ndi kuchepetsa mtima kufika pa mamaikuloni pafupifupi 9, ndi kuchepetsanso kusiyana kwa maindekisi, mpaka kuwala kutsale ndi njira imodzi yokha. Mu mtima wowonda chonchi chithunzi cha cheza chogundagunda sichikwaniranso, ndipo asayansi amawerengera kuwala ngati funde lodzaza mtima wonse. Komabe chomwe chikusunga fundelo n'chomwechija, mtima wa indekisi yokwera mkati mwa chikuto cha indekisi yotsika.

Tibwerere ku madigiri 9.4 aja, chifukwa ndi pamene mavuto ambiri a tsiku ndi tsiku amayambira. Ulusi ukakhota pang'onopang'ono, ngodya yomwe cheza chimagundira khoma imasintha pang'ono ndipo imakhalabe pamwamba pa ya malire. Ukapindidwa mwamphamvu, khoma lakunja kwa kona limaima kutsogolo kwa cheza, ndipo cheza chomwe chimafika pa madigiri 83 chimapezeka chafika pa 78. Kuwala kumatulukira pomwepo ngakhale galasi lisanathyoke. Pa ulusi wamba wa maulendo ataliatali, lamulo la amisiri ndi lakuti usapindidwe kuposa bwalo la masentimita 6 kuchokera mbali ina kufika ina, ngakhale kuti kuli mitundu yatsopano yopirira kupindidwa kwambiri yopangidwira m'nyumba. Kumanga waya mothinitsa ndi lamba wapulasitiki, kuukhomerera ndi msomali, kapena kuupanikiza ndi chitseko kumapanga timakona ting'onoting'ono tosaoneka tomwe timatayanso kuwala mwa njira yomweyo.

Mmisiri amazindikira vutoli m'njira zingapo. Pa waya waufupi amalumikiza katochi ka leza yofiira kumutu, ndipo pomwe papindika kapena pathyoka pamayaka mofiira kudzera m'chikopa cha waya. Pa waya wautali amagwiritsa ntchito makina otchedwa OTDR, omwe amatumiza kuthwanima n'kuyeza kuwala kochepa komwe kumabwerera. Popeza liwiro la kuwala m'galasi likudziwika, mamita pafupifupi 200 pa gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka 1 miliyoni, nthawi yobwerera imawauza mtunda wa pomwe pali vuto. Pali ngakhale njira yosiyanitsira kupindika ndi mfundo yowotcherera molakwika. Mauthenga amayenda pa kuwala kwa mafunde a mananomita 1310 ndi 1550. Mfundo yolakwika imataya mitundu yonse iwiri pafupifupi mofanana, pomwe kupindika kumataya kwambiri kwa 1550, chifukwa funde lalitali limasuzumira kwambiri m'chikuto ndipo silichedwa kuthawa pakona. Mmisiri akayeza ndi mitundu yonse iwiri n'kuona kusiyana kwakukulu pamalo amodzi, amadziwa kuti akufuna waya wopindika, ndipo nthawi zambiri kungouwongola kumabwezeretsa zonse.

Kuwala kwa mananomita 1310 ndi 1550 kuli kuseri kwa kufiira ndipo maso a munthu sakuona. Ulusi wooneka wozima ukhoza kukhala ukutulutsa kuwala kwa leza kwamphamvu, ndipo diso siliphethira kuti lidziteteze poti silikuona kanthu. Tizidutswa ta galasi tothyoka nato timalowa m'khungu ndipo timavuta kuchotsa. Ngati muli ndi faiba kunyumba kapena kuntchito, kawaya kowonda kaja kolowa m'kabokosi ka intaneti musakapinde pakona ya khoma, musakakulunge mothinitsa, ndipo musakhudze mutu wake ndi chala mukakazula. Mukapeza waya wa faiba wadulidwa kapena wafukulidwa m'mbali mwa msewu, musausuzumire kumutu, letsani ana kuuseweretsa, ndipo dziwitsani eni ake kuti adzaulumikize.